Anandifunsa kuti choko ndi matumba a chimanga zikugwirizana pati

Madamu Fulukiya: Odi pa gulu pano. Ndabwera ndi manyazi anga kuti mundithandize. Ndine mphunzitsi wa pulaimale, zaka 11 tsopano, zonsezo ndaphunzitsa kutsidya kwa Shire, mbali ya ku Livunzu. Mwezi watha ndinaitanidwa ku intaviyu pa boma la Chikwawa, ntchito ya kalaliki wa nyumba yosungiramo katundu ku bungwe lina logawa chakudya. Ndinadzuka kusanache, njinga yamoto mpaka pa Thabwa, minibasi mpaka pa Dyeratu, kukafika bulauzi itanyowa kale ndi thukuta. Anthu ofunsa analipo 3. Bambo wina wamagalasi anayang'ana sivi yanga n'kunena kuti, "Madamu, choko ndi matumba a chimanga zikugwirizana pati?" Anzakewo anaseka pang'ono. Ine ndinayankha kuti ndine wolimbikira, ndimasunga nthawi, ndimakhala bwino ndi anthu ndipo ndimaphunzira zinthu msanga. Mayi amene anakhala pakati analemba kamzere kamodzi, n'kuika cholembera pansi. Pomwepo ndinadziwa kuti zanga zada. Tsopano kwatuluka ntchito ina yofanana nayo ku Nsanje, atseka Lachisanu la sabata yamawa. Funso lomwelo likabweranso ndinene chiyani?

Zuze wa pa Nchalo: Pepani madamu, koma ntchito zimenezo zimakhala zili ndi eni ake kale. Inu amangokuitanani kuti mudzaze nambala. Mukanayankha ngati loya zikanakhala chimodzimodzi.

Mayi Esinati: Mwanawe, usayerekeze kusiya ntchito ya boma. Za mabungwezi ndi za miyezi, ndalama za azungu zikatha amakupatsa kalata, iwe n'kubwerera kumudzi kukalima mapira. Zaka 11 si zochepa, ganizira za penshoni. Mapanga awiri avumbwitsa.

Madamu Fulukiya: Zikomo mayi, zimenezo ndaziganizira ndipo ndikuziganizirabe. Koma lero sindikufunsa ngati ndichoke kapena ayi. Ndikufunsa kafotokozedwe kake.

Bambo Alufandika: Madamu, ine ndinayamba ngati kalaliki wa pa msika wa thonje ku Ngabu, ndili pa sikelo tsiku lonse, ndipo pano ndimayang'anira nyumba yosungiramo katundu. Pa mpando wa ofunsawo ndakhalapo kangapo. Ndisanakuuzeni kalikonse, ndiyankheni kaye izi. Pasukulu panu ana amamwa phala? Ngati amamwa, kiyi wa chipinda cha ufa amasunga ndani, ndipo lole ikabwera amasayina ndani?

Madamu Fulukiya: Amamwa. Kiyi ndimasunga ndine, chaka cha 6 tsopano. Ahedi anandipatsa ine poti nyumba yanga ili pafupi. Kusayina ndimasayina ine pamodzi ndi wapampando wa komiti ya phala. Koma zimenezo si ntchito yomwe ndinalembedwera, ndi zongothandiza, n'chifukwa chake sindinaziike n'komwe mu sivi.

Bambo Alufandika: Ndiye ng'ombe munaisiya m'khola, kumsika munapita ndi chingwe chokha.

Ndikuuzeni zimene zimakhala m'mutu mwa bambo wamagalasi uja. Iye sakukayikira kuti ndinu wolimbikira. Anthu onse amene analowa m'chipindamo tsiku limenelo ananena mawu omwewo, wolimbikira, wokhulupirika, wodziwa kukhala ndi anthu. Mawu amenewa alibe poti munthu angawagwire, n'chifukwa chake mayi aja anaika cholembera pansi, panalibe choti alembe. Chimene iye akuopa ndi choti tsiku lina owerengera katundu adzabwera, adzapeza kuti buku likunena matumba 1,200 koma pansi pali 1,170, ndipo amene adzaitanidwe kukayankha ndi iyeyo. Akuopanso chimanga kufumbwa kapena kunyowa chili m'manja mwake. Ndiye akamafunsa kuti choko ndi matumba zikugwirizana pati, funso lenileni n'lakuti, munayamba mwasungako katundu wa eni ake, wowerengeka, n'kumubweza atakwanira?

Inu munatero zaka 6. Mwangozolowera kuzitchula ndi mayina a kusukulu. Kope limene mumalembamo ufa wolowa ndi wotuluka, kuno timalitcha bini khadi. Pepala limene dalaivala amabwera nalo ndi weyibilu. Mukamawerenga matumba ndi manja n'kuyerekeza ndi kope, ndiko kuwerenga sitoko kumene. Ntchito ndi imodzi, chasiyana ndi chilankhulo ndi kukula kwake.

Tandipatseni manambala. Ana angati, muyezo wanji pa mwana, matumba angati pa temu?

Madamu Fulukiya: M'kaundula muli ana pafupifupi 900, koma obwera tsiku ndi tsiku amakhala cha m'ma 800. Muyezo umene tinapatsidwa ndi magalamu 100 pa mwana, ndiye ndimatulutsa makilogalamu 80 pa tsiku. Matumba ake ndi a makilogalamu 25, choncho ndi matumba 3 ndi makilogalamu 5 a m'thumba lotsegula. Pa temu timalandira matumba pafupifupi 200. Nthawi ya madzi osefukira ana amachepa, ndiye ndimayamba ndatuma mamonitala kuti awerenge m'makalasi ndisanatsegule chipinda, apo ayi phala limatsala n'kutayika.

Bambo Alufandika: Mwaona? Matumba 200 a makilogalamu 25 ndi matani 5 pa temu, matani 15 pa chaka. Mukanangonena zimenezi, cholembera chija sichikanagona. Ndipo chiganizo chanu chomalizacho ndi chuma, chifukwa chikusonyeza kuti mumatulutsa katundu molingana ndi anthu amene alipodi, osati a m'kaundula. Akalaliki ambiri amene ndawalandira amaphunzira zimenezi atapalamula kale.

Tsopano ndifuna nkhani imodzi ya tsiku limene zinthu zinasokonekera. Pa intaviyu nkhani ya tsiku loipa imalemera kuposa zaka zonse zimene zinthu zinayenda bwino.

Madamu Fulukiya: Ilipo, ndipo mpaka lero imandinyansa. Lole inafika madzulo, cha m'ma 5, dzuwa lija la mu Okutobala lopsereza mutu. Dalaivala ali changu, akuti akufuna adutse pa Thabwa kusanade. Pepala lake linalembedwa matumba 200. Anyamata ake amatsitsa mothamanga n'kumangounjika, iye n'kundipatsa cholembera kuti ndisayine. Ndinakana. Ndinaitana amayi ophika, tinasanja mizere ya matumba 10, tinawerenga kawiri, anakwana 194. Anayamba kukalipa kuti ine mphunzitsi ndikudziwa chiyani za katundu, mwina amayiwo abisa. Wapampando anafuna kungosayina kuti nkhani ithe. Ine ndinalemba pa pepala lomwelo kuti talandira 194, 6 palibe, ndipo 2 mwa amene talandirawo ndi ong'ambika, ndinasayina pansi pa mawuwo, ndinamuuza asayinenso iye. Anakana, ndiye ndinaimbira foni mlangizi wa maphunziro wa zoni yathu iye akumva. Anasayina mokwiya. Patapita masabata 2 matumba 6 aja anabwera.

Anesi Gire: Iii madamu, nkhani yonseyi munali nayo m'thumba, inu n'kukanena kuti mumasunga nthawi?

Zuze wa pa Nchalo: Chabwino, ndavomera kuti pali kanthu. Ndiye chophweka n'chakuti mu sivimo mufufute mawu oti mphunzitsi, mulembe kuti munali woyang'anira weyahausi zaka 6. Anzanga onse amatero. Masiku ano ukalemba zoona zokhazokha sufika ndi pa intaviyu pomwe.

Bambo Alufandika: Achimwene a Zuze, theka la zimene mwanenazo n'zoona. Mawu a m'sivi ayenera kufanana ndi mawu a m'chilengezo cha ntchito, chifukwa wosankha amakhala ndi mulu wa makalata ndipo maso ake amangosaka mawu amenewo. Ngati chilengezo chikunena za kulandira katundu, kusunga marekodi ndi kupereka malipoti a mwezi, madamu alembe ndi mawu omwewo. Koma kusintha dzina la udindo ayi. Tikaimbira ahedi awo n'kumva kuti munthuyu ndi mphunzitsi wa Sitandade 6, basi zathera pomwepo, ndipo ntchito yosunga katundu wabodza sitimupatsa ngakhale akhoze mafunso onse.

Komanso bodza lotere limagwidwa ndi funso limodzi. Kunabwera mnyamata wina atalemba kuti anayang'anirapo weyahausi. Ndinamufunsa kuti, lole ya matani 30 yafika ndi chimanga cha m'matumba a makilogalamu 50, ndi matumba angati, ndipo uwasanja bwanji kuti mawa ndidzawerenge osagwetsa mulu? Anayang'ana kudenga. Yankho lake ndi matumba 600, ndipo umasanja mosinthanitsa ngati njerwa, mzere uliwonse wokhala ndi matumba ofanana, tinene 60, n'kukweza mizere 10, kuti wowerenga angochulukitsa. Pansi umayala mapaleti, kukhoma umasiya mpata woti munthu adutse akuyendera. Amene anagwirapo ntchitoyi amayankha asanaganize n'komwe.

Madamu alembe chonchi: udindo ukhale womwewo, mphunzitsi wa pulaimale, koma pansi pake mzere woyamba usakhale wa kuphunzitsa. Uyambe ndi za ufa. Za makalasi zibwere pambuyo, mizere 2 yokha.

Madamu Fulukiya: Ndayesa kulemba ndime ya m'kalata, ndidzaiika m'Chingerezi ndekha. Tandionereni: "Ngakhale kuti ndilibe luso la ntchito ya m'nyumba yosungiramo katundu, ndine mphunzitsi wodzipereka amene ndathandizapo pa nkhani za phala pasukulu pathu, ndipo ndili wokonzeka kuphunzira."

Bambo Alufandika: Ayi madamu, mwayamba ndi kupepesa. Mwamuuza wowerenga kuti mulibe luso asanakufunseni, ndipo mawu oti "ndathandizapo" akukuchepetsani, ngati munkangotola nkhuni. Kiyi anali ndi inu. Yesani motere:

"Kwa zaka 6 ndakhala ndikuyang'anira chipinda cha ufa wa phala pasukulu ya ana pafupifupi 900. Ndimalandira matumba pafupifupi 200 pa temu, ndimawawerenga ndi kuwayerekeza ndi pepala la dalaivala ndisanasayine, ndimalemba zolowa ndi zotuluka tsiku lililonse, ndipo ndimapereka lipoti kumapeto kwa mwezi. Nthawi ina ndinapeza kuti matumba 6 akusowa pa katundu wongofika kumene, ndinalemba pa pepalapo ndipo anabwezedwa."

Mukatero, m'pamene mubwere ndi zimene mulibe, koma muzitchule ndi dzina, osangoti ndilibe luso. Zimenezi n'zofunika chifukwa ofunsa akudziwa kale kuti pali mpata, akufuna aone ngati inuyo mukuuona. Mpata wanu ndi uwu. Matani 5 anu a temu yonse, lole imodzi kuno imabweretsa kuchulukitsa ka 6, ndipo nthawi yogawa chakudya zimatha kufika zingapo tsiku limodzi. Inu mwasunga mtundu umodzi wa katundu, kuno kuli chimanga, nandolo, mafuta ophikira, chilichonse ndi khadi lake. Kufukiza mankhwala ophera anankafumbwe simunachitepo, ndipo musanene kuti mumadziwa, ndi ntchito ya anthu ophunzitsidwa, mankhwala ake amapha munthu. Kalaliki amangofunika kudziwa kuona zizindikiro, ufa woyoyoka pansi pa mulu, timabowo pa njere, thumba lofunda ukalowetsa dzanja pakati, n'kukanena msanga. Ndiye pali kompyuta. Mumaitha?

Madamu Fulukiya: Kutaipa mayeso ndimatha. Excel ndimangoiona kwa anzanga.

Zuze wa pa Nchalo: Apa pokha ndikhoza kuthandiza, ndi zimene ndimadyera. Musalipire kosi ya miyezi madamu, nthawi palibe. Bwerekani laputopu, mutenge kope lanu la phala la temu yatha, mulilowetse lonse. Danga A tsiku, B zotsala dzulo, C zolowa, D zotuluka, E zotsala lero, mitu imeneyi ikhale mu mzere woyamba. Mu E2 mulembe:

```
=B2+C2-D2
```

Mu B3 mulembe `=E2`, mukokere fomula ya mu E2 ija ku E3, kenako mukokere zonse ziwiri pansi mpaka tsiku lomaliza. Lembani m'makilogalamu osati m'matumba, chifukwa cha thumba lotsegula lija. Nambala yomaliza ikasiyana ndi ya m'kope mwanu, fufuzani tsiku limene zinayambira kusiyana. Madzulo 3 akukwanirani. Pa intaviyu mudzanena kuti ndinasamutsa ndekha rekodi ya temu yonse kuchoka m'kope kupita mu Excel, ndipo sizikhala zabodza.

Bambo Alufandika: Izi ndiye zomveka, takhuta a Zuze. Malo ambiri amakukhazika pa kompyuta mphindi zochepa kuti uchite zomwezo.

Jofilisi: Pepani ndilowerere ndi yanga, poti yafanana. Ine ndakhala kapitawo wa odula nzimbe nyengo 7, anthu 40 pansi panga. Ntchito yake ndi ya nyengo, kudula kukatha kumapeto kwa chaka timakhala pakhomo mpaka cha mu Epulo. Ndikufuna ntchito ya kubungwe la ngongole, oyenda m'midzi aja. MSCE ndili nayo. Ine ndimaona ngati ndikukwanira, chifukwa amene walamulira amuna 40 onyamula zikwanje, amayi a geni angamuvute?

Achimwene Thomu: A Jofilisi, ntchito imeneyo ndi imene ndimagwira ine, ndimazungulira kuyambira pa Sorgin mpaka ku Bangula. Chiganizo chanu chomalizacho mukadzachinena pa intaviyu, mwagwa. Odula nzimbe amakumverani chifukwa tsiku lawo limalembedwa ndi inu, mukapanda kuchonga m'buku salandira. Ndodo ili m'manja mwanu. Mayi amene watenga ngongole, ndalama ili kale m'manja mwake, ndodo ili kwa iye. Mukamukalipira amangotseka chitseko, gulu lonse n'kukuukirani, amfumu n'kukuitanani. Ndiye luso lolamula silisamuka, limatsala kumunda konko.

Chimene chingasamuke n'china. Mumasunga buku la anthu 40 tsiku ndi tsiku, ndipo ndalama zawo zimadalira bukulo, mukalakwitsa amabwera pakhomo panu. Mumadziwa kuona munthu amene wayamba kujomba asanasowe. Ndipo ngati munayamba mwathetsapo mkangano wa malipiro popanda kuopseza, nkhani imeneyo ndi imene mukanene.

Jofilisi: Koma ndinu okhwima achimwene. Ine sindinkangokalipa ayi. Wina akadwala ndinkagawa mizere yake kwa anzake mogwirizana. Komabe ndamva.

Achimwene Thomu: Eya, ndiye kanenani zimenezozo, osati za zikwanje.

Madamu Fulukiya: Mawu a achimwene a Thomu andilasa nanenso. Pa intaviyu ija ndinanenanso kuti ndimatha kulamulira kalasi ya ana 120, ndimaganiza kuti ziwagometsa.

Bambo Alufandika: N'chimodzimodzi. Mwana wa Sitandade 6 amaopa madamu. Dalaivala amene wachokera ku Blantyre, watsika Thabwa mabuleki akununkha, ndipo akufuna abwerere lero lomwe, saopa kalaliki. Onyamula matumba aganyu amene akufuna amalize alandire zawo, nawonso saopa. Ndiye kalasi ya 120 musaidalire. Dalirani dalaivala wa 194 uja, ndi amayi ophika amene salipidwa kanthu koma mwawasunga zaka 6 akubwerabe m'bandakucha. Kuyendetsa anthu amene sungawachotse ntchito n'kovuta kuposa kalasi.

Anesi Gire: Ndionjezepo chenjezo, anthu angaganize kuti kafotokozedwe kabwino kamatsegula khomo lililonse. Kuli ntchito zina zimene zimafuna pepala basi. Kwathu kuno, ngakhale utasamalira odwala kumudzi zaka 20, popanda kulembetsedwa ku khonsolo ya anamwino ndi azamba sungagwire ntchito ya unesi. Madamu aonetsetse kaye kuti chilengezocho chikufuna chiyani. Ngati alemba kuti pakufunika dipuloma ya zogula ndi kusunga katundu, nkhani ya phala siwapulumutsa.

Madamu Fulukiya: Alemba kuti MSCE ndi satifiketi ya zosunga katundu, "kapena luso lofanana nalo la zaka zosachepera 2".

Bambo Alufandika: Mawu oti "kapena" amenewo ndiwo khomo lanu. Koma anesi akunena zoona, ndipo ndisakunamizeni. Akabwera munthu wa satifiketi amenenso anagwirapo mu weyahausi yeniyeni, iye ali patsogolo. Inu mukupikisana ndi ana ongochoka kumene ku koleji, a pepala koma osagwirapo thumba. Pamenepo ine ndimasankha wa zaka 6, koma mnzanga amene timakhala naye pa gome amasankha wa pepala, akuti ndi wosavuta kumuteteza akuluakulu akafunsa. Timakangana chaka ndi chaka.

Mayi Esinati: Nanga za kumsasa bwanji osazitchula? Iwe si unkalemba anthu mayina nthawi ya Freddy ija, sukulu zitasanduka misasa? Kapena ndasokoneza ndi wina?

Madamu Fulukiya: Ndine ndemwe mayi. Mu Malichi 2023 makalasi athu anadzaza ndi anthu othawa madzi. Ine ndi aphunzitsi ena 2 tinalemba mabanja onse, ndipo katundu akabwera ndinkaitana mayina, wolandira n'kudinda chala. Vuto linali la anthu olembetsa kawiri, mwamuna kwina mkazi kwina ngati mabanja osiyana. Tinayamba kulemba potsata mudzi, nyakwawa ili pomwepo kutsimikiza. Ndipo mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe Ana, madzi atayamba kulowa, tinakweza ufa wonse pa madesiki usiku ndi tochi za mafoni, ananyowa matumba 4 okha.

Bambo Alufandika: Mayi Esinati, mwatola chimene ine ndinachiphonya. Madamu, bungwe logawa chakudya kuchigwa kuno limadziwa kuti madzi adzabweranso. Munthu wochokera kumtunda amayenera kuphunzitsidwa kuti katundu sagona pansi mu Januwale. Inu mukudziwa kale, ndipo ndikhulupirira Chisena mumachimva. Koma musathire zonse m'mbale imodzi. Funso la choko lija likabwera, yankho lisapitirire mphindi 2. Yambani ndi kuvomera kuti choko ndi matumba n'zosiyanadi, koma pambali pa choko mwasunga ufa zaka 6, tchulani manambala, fotokozani za 194, mumalize ndi zimene mukuphunzira. Za msasa muzisunge, adzafunsa okha za kugawa katundu kapena za nthawi yovuta, pamenepo m'pamene muzitulutse. Ndaonapo anthu akulankhula mphindi 10 pa funso loyamba, ofunsa n'kutopa nkhani yabwino isanafike.

Chinanso, pofotokoza muzinena kuti "ndinachita", osati "tinachita". Ife kuno tinaleredwa kuti kudzitchula wekha n'kudzitama, ndiye munthu amangoti tinawerenga, tinaganiza, tinakana. Wofunsa amatsala osadziwa ngati munali mtsogoleri kapena munangoima pambali. Amene anakana kusayina ndi inu, wapampando ankafuna kusayina. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Zuze wa pa Nchalo: Nanga akafunsa kuti mukuthawiranji uphunzitsi? Ine ndikanangoti malipiro, basi. Aliyense akudziwa.

Achimwene Thomu: Ayi, ukatchula ndalama amaganiza kuti ukapeza pena pokwera uthawanso. Ndi bwino kunena kuti mwa ntchito zonse zapasukulu, ya ufa ndi imene imakukomera.

Anesi Gire: Koma ngati sizoona? Ofunsawo si ana. Munthu wa zaka 11 m'boma kusiya chifukwa choti amakonda kuwerenga matumba, ndani angakhulupirire?

Madamu Fulukiya: Zoona zake zili pakati. Ndatopa ndi kalasi, sindibisa, ndipo ana anga akulowa sekondale. Komanso tsiku limene kope ndi matumba zagwirizana ndendende kumapeto kwa temu ndimagona bwino kuposa tsiku lotseka mayeso.

Bambo Alufandika: Ine chiganizo chachiwiricho ndingachikhulupirire chifukwa ndimachidziwa. Za ndalama, ine sizindikhumudwitsa munthu akazitchula mwaulemu, koma ndikudziwa ena zimawakhumudwitsa, ndiye pamenepo muona nokha nkhope zawo. Chokhacho musanyoze ntchito yakale kapena ahedi anu.

Mayi Esinati: Ine ndiye ndikadali pomwe paja. Funsa kaye kuti kontirakitiyo ndi ya miyezi ingati usanalembe kalata yosiya.

Madamu Fulukiya: Ndi ya miyezi 9 mayi, akuti ikhoza kuonjezedwa. Ndidzalira nazo akandipatsa. Bambo Alufandika, funso lomaliza. Kope la phalalo ndingapite nalo ku intaviyu ngati umboni? Nanga kaundula wa kumsasa uja?

Bambo Alufandika: Kope ndi la sukulu, musalitulutse. Pemphani ahedi kuti mujambule masamba 2 ndi pepala lija la 194 ngati lilipo, iwo adindepo chidindo. Muwauze zoona kuti mukufunsira ntchito, chifukwa ndi omwewo amene adzaimbiridwe, ndipo muwapemphe kuti akadzafunsidwa adzayambe ndi za ufa, asadzangoti amaphunzitsa bwino masamu. Kaundula wa kumsasa ayi, muli mayina a anthu ndi zidindo za zala zawo, mukamuonetsa mudzaoneka ngati munthu wosasunga chinsinsi. Mungofotokoza pakamwa.

Madamu Fulukiya: Pepala la 194 lilipo, ndinalisunga m'Baibulo chifukwa choopa kuti adzanditembenukira. Vuto ndi ahedi, sadziwa kuti ndikufunsira ntchito kwina, ndipo kiyi uja palibe mphunzitsi wina amene amamufuna. A Zuze, laputopu yanuyo imabwerekedwa? Loweruka ndikhala pa Nchalo.

Zuze wa pa Nchalo: Bwerani m'mawa magetsi asanazime, ndipo kopelo mulijambule pa foni masamba onse a temu.